"Mwininyumba akundibera": sonkhanitsani izi musanapite kukadandaula

Ngati mumakhala m'nyumba ya renda, imene ena amati lendi, mwina munanenapo mawu awa: "Mwininyumba akundibera!" Mwina ndi zoona ndithu kuti akukuberani. Koma mukapita kwa shefi wa dera lanu ndi mawu okhawo, iye sadziwa poyambira. Akaitana mwininyumba, nayenso adzati, "Iyayi, ameneyu ndiye ali ndi ngongole yanga." Tsono pakhala anthu awiri okwiya, ndipo wothandiza sangadziwe amene akunena zoona.

Kubera ndi mawu a kumapeto kwa mlandu. Munthu asanafike pamenepo ayenera kudziwa zinthu zitatu. Coyamba, munagwirizana ciyani? Caciwiri, munalipira zingati, ndipo liti? Cacitatu, nyumbayo inali bwanji pamene munkalowa? Tiyeni tizione zinthu zitatuzi potsatira citsanzo cimodzi.

Nkhani ya mayi wogulitsa tomato

Tiyerekeze mayi wina amene amagulitsa tomato pa msika wa ku Ulongwe, m'boma la Angoniya. Iye anacita renda nyumba ya zipinda ziwiri. Analowa pa 1 Marsu, nakhalamo caka cathunthu, mpaka kumapeto kwa Fevereru. Potuluka anapempha ndalama yake ya cikole, ija timati kawusawu. Mwininyumba anakana kubweza.

Mayiyo anapita kwa shefi wa kwarterawu mtima uli m'mwamba.

"Abambo, andibera mametikali 4,500 bambo aja!"

"Pepani amayi, khalani pansi," anatero shefi. "Ndalama imeneyi mwaipeza bwanji? Tandiwerengereni imodziimodzi."

Mayiyo anawerenga motere. Cikole cimene sanabwezeredwe ndi 1,500. Ndalama imene anakonzera denga ndi 1,200. Ndalama imene mwininyumba anawonjezera pa renda pakati pa caka yakwana 1,800. Zonse pamodzi ndi 4,500.

Onani kuti nkhani yayamba kale kusintha. Poyamba panali dandaulo limodzi lalikulu. Tsopano pali madandaulo atatu, ndipo lililonse lili ndi mtengo wake. Inunso yambirani pamenepa. Musanene kuti "amandivutitsa nthawi zonse". Nenani cimene cinacitika, mwezi wake ndi ndalama yake.

Funso loyamba: munagwirizana ciyani?

Munthu amakhala kuti waberedwa ngati walandidwa cinthu cimene pangano kapena lamulo likuti ndi cake. Conco pangano ndiye muyeso. Popanda kulidziwa, palibe amene anganene kuti 1,800 ndi yambiri kapena yocepa.

Mayi uja anali ndi mwayi. Tsiku lolowa analemba pangano pa pepala la m'kope la kusukulu, ndipo onse awiri anasaina. Pepalalo linanena zinthu zitatu zokha. Renda ndi 1,500 pa mwezi. Cikole ndi 1,500. Pangano ndi la caka cimodzi. Za kukonza nyumba silinanene kanthu. Za kukweza renda silinanenenso kanthu.

Pepala lotere, ngakhale ndi lalifupi, lili ndi mphamvu. M'dziko lathu la Mozambiki muli buku lalikulu la malamulo lochedwa Kodigu Sivili, limene linalembedwa m'caka ca 1966. Ndime 406 ya bukuli imati pangano liyenera kutsatidwa monga momwe linapanganidwira. Lingasinthidwe pokhapokha onse awiri atavomereza, kapena ngati lamulo lalola. Ndiye kuti munthu mmodzi sangadzuke m'mawa n'kusintha yekha mtengo umene munapangana kwa caka.

Nanga ngati simunalembe ciliconse? Musataye mtima, koma dziwani kuti nchito yanu yakula. Muyenera kupeza anthu amene analipo pamene munkagwirizana. Muyeneranso kuonetsa mmene mwakhala mukulipirira. Ngati miyezi isanu yotsatizana munatumiza 1,500 ndipo mwininyumba ankalandira osadandaula, imeneyo ndi mboni yakuti renda inali 1,500.

Pali funso lina laling'ono limene ambiri amaiwala: munapangana ndi ndani? Nthawi zina amene amalandira ndalama si mwini wake wa nyumba. Amakhala mphwake, mlamu wake, kapena munthu amene anangokupezerani nyumbayo. Ngati cikole munapatsa mphwake ndipo sicinafike kwa mwini wake, wokuberani angakhale wina, osati amene mukumunenayo. Wothandiza adzafuna kudziwa dzina la amene anasaina ndi la amene ankalandira ndalama.

Samalaninso ndi ndalama ya tsiku lolowa. Anthu ambiri amapereka ndalama yambiri nthawi imodzi, osafunsa kuti iliyonse ndi ya ciyani. Renda yolipiriratu ndi cikole ndi zinthu ziwiri zosiyana. Renda yolipiriratu imatha pamene miyezi yake ikudutsa, ndipo sibwezedwa. Cikole cimasungidwa mpaka tsiku lotuluka, kuti cilipire zimene mwawononga kapena renda imene mwatsala nayo. Cotsalaco ndi canu. Mikangano yambiri imabadwira pamenepa: wina ankaganiza kuti wapereka cikole, pamene mnzake ankaganiza kuti walandira renda.

Funso laciwiri: munalipira zingati, ndipo liti?

Shefi uja anafunsa kuti, "Amayi, munkalipira bwanji?"

"Pa M-Pesa, abambo. Mauthenga onse ali m'fonimu."

Anatenga pepala n'kulemba miyezi yonse 12, mwezi uliwonse pa mzere wake. Kuyambira Marsu mpaka Agoshitu, mayiyo anatumiza 1,500 mwezi uliwonse. Kuyambira Setemburu anayamba kutumiza 1,800, cifukwa mwininyumba anati zinthu zakwera mtengo. Koma pa mzere wa Janeru panali 600 yokha.

"Nanga apa bwanji, amayi?"

Mayiyo anakhala cete pang'ono, kenako anakumbukira. M'mwezi wa Dezemburu mvula itakula, denga linayamba kudontha pamwamba penipeni pogona ana. Iye anagula malata awiri ndi misomali pa 900, nalipira mmisiri 300. Zonse zinakwana 1,200. Pofika Janeru anacotsa ndalama imeneyi pa renda, natumiza 600 yotsalayo.

Mwaona cimene catulukira? Ndalama ya denga mayiyo anaitenga kale pamene anaicotsa pa renda. Poiwerenganso m'dandaulo lake, anaiwerenga kawiri. Sananame dala ayi. Mkwiyo ndi kuiwala ndi zimene zinamusokoneza. Koma akanapita ku bwalo la milandu ndi 4,500 ija, mwininyumba akanamugwira pamenepa, ndipo oweruza akanayamba kukayika mawu ake ena onse. Tsopano dandaulo latsika kufika pa 3,300.

Mzere womwewu wa Janeru ndi umene mwininyumba anagwira. Iye ankati, "Mwezi umenewu sanamalize renda. Atsala ndi 1,200, ndiye ndacotsa pa cikole." Apa funso likhala lakuti: kodi mayiyo anali ndi ufulu wokonza denga pa ndalama ya mwininyumba?

Kuti funsoli liyankhidwe pafunika mfundo zitatu. Kodi anamudziwitsa mwininyumba asanakonze? Kodi vutolo linali lofunika kukonza msanga? Kodi pali umboni wa ndalama imene inagwiritsidwa nchito? Mayiyo anali ndi uthenga umene anatumiza wonena za kudonthako, ndipo mwininyumba anayankha kuti, "Konzani, tidzaonana." Anasunganso resibu ya kusitolo ya 900. Ya mmisiri panalibe resibu, koma mmisiriyo amakhala m'dera lomwelo ndipo anavomera kucitira umboni.

Lamulo limati nchito ya mwininyumba si kupereka kiyi kokha. Ayeneranso kuonetsetsa kuti nyumbayo ikukhalika. Denga lodontha m'nyengo ya mvula silidikira. Ndime 1036 imalola wokhala m'nyumba kukonza zinthu zofulumira ngati zimenezi pamene mwini wake akuzengereza, ndipo ndalama yake iyenera kubwezedwa. Conco pa nkhani ya denga mayiyo anaima pabwino. Alibe ngongole ya Janeru.

Komabe onani mmene mawu akuti "tidzaonana" aliri oterera. Sakunena kuti "cotsani pa renda". Mukalandira yankho lotere, bwezani uthenga wina: "Ndikonza ndi 1,200, ndidzacotsa pa renda ya Janeru. Mwavomera?" Akayankha kuti inde, sungani uthengawo. Dziwaninso kuti kukonza cowonongeka n'kosiyana ndi kukongoletsa nyumba. Mukamanga khonde kapena kuika simenti pabwalo mwa kufuna kwanu, osapangana kanthu, musayembekeze kuti mwininyumba adzakubwezerani.

Nanga inu amene mumalipira ndalama pamanja? Pemphani resibu nthawi iliyonse. Si mwano ayi, ndi ufulu wanu. Ndime 787 imati wolipira ali ndi ufulu wopempha umboni wakuti walipira. Ngati mwininyumba alibe buku la maresibu, gulani kope laling'ono. Mwezi uliwonse lembani tsiku, ndalama ndi mwezi umene mukulipirira, iye asaine pambali. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola, musafufute uthenga. Lembaninso tsiku ndi nambala ya uthengawo m'kope, cifukwa foni imatayika.

Funso lacitatu: nyumba inali bwanji polowa?

Tsopano tifike pa cikole. Mwininyumba atabwera kwa shefi anachula zinthu zitatu zimene ankati zawonongeka: galasi la pa zenera, loko wa pa citseko ndi penti wa m'zipinda amene wacita mbuu.

Lamulo pa nkhaniyi ndi losavuta kumva. Ndime 1043 imati mubweze nyumba monga momwe munailandirira, kupatula kutha kwa zinthu kumene kumabwera cifukwa cokhalamo mosamala. Nyumba ili ngati nsalu: ngakhale muisamale bwanji, imasuluka. Penti kucita mbuu patatha caka ndi kusuluka kotero, ndipo wokhalamo salipira. Koma galasi losweka si kusuluka.

"Galasilo ndi zoona," anavomera mayiyo. "Mwana wanga analiswa ndi mpira."

Galasi latsopano ndi kuliika zinakwana 400. Imeneyi icoke pa cikole.

Pa loko panavuta. Mayiyo anati analowa loko ali wofa kale, ndipo caka conse ankatseka ndi loko wake wopacika. Mwininyumba anati loko anali bwinobwino. Ndani akunena zoona? Palibe pepala, palibe cithunzi, ndipo panalibe mboni imene inayang'ana citseko tsiku lolowa.

Apa pali mfundo imene muyenera kuidziwa bwino. Ndime yomweyo ya 1043 imati ngati palibe pepala lofotokoza mmene nyumba inaliri polowa, lamulo limatenga kuti munailandira ili bwino. Ndiye kuti amene ayenera kubweretsa umboni ndi inu wokhalamo, osati mwini wake. Mayiyo mwina ankanena zoona, koma analibe coonetsa. Loko watsopano anali wa 300, ndipo nayonso inacoka pa cikole.

Tiwerengere pamodzi. Cikole cinali 1,500. Ticotse 400 ya galasi, patsala 1,100. Ticotse 300 ya loko, patsala 800. Imeneyi ndi ndalama imene mwininyumba analibe cifukwa coigwirira.

Nanga renda yokwezedwa ija?

Mwininyumba anawonjezera 300 pa mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuyambira Setemburu mpaka Fevereru. Yonse ndi 1,800. Pepala likuti 1,500 kwa caka cathunthu, ndipo mayiyo sanasaine pepala lina. Pamenepa mawu ake ali ndi mphamvu.

Koma shefi anafunsa funso lina: "Pamene anakweza, inu munati ciyani?"

"Ndinangolipira, abambo. Ndinkaopa kuti andithamangitsa, ana ali pakati pa sukulu."

Mantha amenewa ndi omveka. Vuto ndi lakuti mwininyumba adzati, "Ndinawauza, anavomera, n'cifukwa cake ankalipira mwezi ndi mwezi osadandaula." Kulipira mwakacetecete kwa nthawi yaitali kumaoneka ngati kuvomera. Mayiyo akanatumiza uthenga umodzi wokha m'mwezi wa Setemburu wakuti, "Ndikulipira, koma sindikuvomereza, pangano lathu likuti 1,500," nkhani ikanakhala yopepuka. Popanda zimenezo, angathe kuipempha ndalamayi, koma palibe amene angamulonjeze kuti adzaipeza yonse.

Tsono taonani pamene 4,500 ija yafika. Ndalama yokwana 800 ndi yake mosakayika. Ya 1,800 ndi ya mkangano, yofunika kukambirana kapena kuweruzidwa. Yotsala, 1,900, si yake: 1,200 anaitenga kale, ndipo 700 ndi ya galasi ndi loko.

Kodi mwininyumba anamubera? Pang'ono inde. Koma osati monga momwe mayiyo ankaganizira, ndiponso osati monga momwe mwininyumba ankakanira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsopano mayiyo sakunenanso kuti "andibera". Akunena kuti, "Bwezani 800 ya cikole, ndipo tikambirane za 1,800 imene munawonjezera kunja kwa pepala." Mawu otere ndi ovuta kuwazemba.

Zimene simuyenera kucita mkangano uli mkati

Musasiye kulipira renda pofuna kubwezera. Ambiri amati, "Popeza akundibera, mwezi uno sindilipira." Mukatero mwapatsa mwininyumba mlandu weniweni wokunenerani, ndipo dandaulo lanu limakwiririka. Pitirizani kulipira ndalama imene munapangana, ndipo sungani umboni.

Musasainenso pepala limene simukulimva. Ngati lalembedwa m'Cipwitikizi covuta, pemphani kuti mupite nalo kwa munthu amene mumamukhulupirira akuwerengereni. Kudinda cala ndi kusaina komwe. Mukasaina, tengani pepala lanu, kapena lijambuleni pa foni.

Mwininyumba nayenso ali ndi malire ake. Ngakhale atati mwaphwanya pangano, si iye woweruza. Ndime 1047 imati kuthetsa pangano cifukwa cakuti wokhalamo walakwa ndi nchito ya bwalo la milandu. Akazula citseko, akatseka nyumba ndi loko wake, kapena akataya katundu wanu pabwalo, musamenyane naye. Itanani shefi ndi anansi aone, jambulani zithunzi, lembani tsiku ndi nthawi.

Kopita ndi zimene munyamule

Yambani ndi mwininyumba mwini wake, pamaso pa mboni imodzi. Zikakanika pitani kwa shefi wa kwarterawu kapena kwa sekretariyu wa bayiru. M'madera ambiri mulinso bwalo la milandu la m'dera, limene nchito yake yaikulu ndi kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono. Ngati nkhani yakula ndipo mulibe ndalama yolipira loya, funsani ofesi ya IPAJ. Limeneli ndi bungwe la boma lothandiza pa za malamulo anthu amene alibe ndalama.

Kulikonse kumene mungapite, nyamulani izi:

1. Pepala la pangano, kapena maina a anthu amene analipo popangana.
2. Kope la malipiro, maresibu ndi mauthenga a m'foni.
3. Zithunzi za nyumba, ngati zilipo.
4. Pepala limodzi limene mwalembapo madandaulo anu, lililonse ndi mwezi wake ndi ndalama yake.

Lembaninso zimene inu munalakwitsa, monga galasi lija. Mukazichula nokha, wothandiza amakukhulupirirani pa zina zonse.

Mukamalowa m'nyumba ina

Pepala la mayi uja linali ndi mfundo zitatu. Likanakhala ndi zina zocepa, mkangano wonse sukanakhalapo. Polemba pangano lanu, onetsetsani kuti mafunso awa ayankhidwa. Renda ndi zingati, ndipo ilipidwe pofika tsiku liti? Pangano ndi la miyezi ingati, ndipo renda ingakwere liti? Cikole ndi zingati, ndipo cidzabwezedwa patapita masiku angati mutatuluka? Denga, cimbudzi kapena mpopi zikawonongeka, akonze ndani? Ngati magetsi ndi madzi mukugawana ndi mabanja ena, aliyense azipereka zingati? Wofuna kuthetsa pangano adziwitse mnzake kukadali masiku angati?

Kenako, musanalowetse katundu, yendani m'nyumbamo pamodzi ndi mwini wake. Tsegulani citseko ciliconse, yesani loko, yang'anani denga ndi mazenera. Cimene mwapeza cowonongeka cilembeni kuseri kwa pepala la pangano: "Loko wa citseko ca kutsogolo ndi wofa." Nonse musaine, mboni isainenso. Mzere umodzi umenewo ukanapulumutsa 300 ya mayi uja.

Yesani kulemba

Tengani kope lanu. Pamwamba lembani renda imene munapangana ndi tsiku limene munalowa. Pansi pake lembani miyezi yonse imene mwakhala m'nyumbamo, mwezi uliwonse pa mzere wake, ndi ndalama imene munalipira. Pa mwezi umene mulibe resibu kapena uthenga, ikani kamtanda. Mukapeza timitanda tambiri, pitani ndi kopelo kwa mwininyumba mwezi uno, mukadali pa mtendere, mumupemphe asaine.